Mapulogalamu Amene Mudawalola Kulowa mu Akaunti Yanu: Mukuwadziwa Onse?

Pa 3 Meyi 2017, anthu ambiri ogwiritsa ntchito Gmail adalandira imelo yosakayikitsa. Idachokera kwa munthu amene amamudziwa, ndipo inkanena kuti munthuyo wawatumizira chikalata cha pa Google Docs. Amene adadina adafika pa tsamba lenileni la Google, osati lopeka ayi. Tsambalo lidawafunsa ngati akulola pulogalamu yotchedwa Google Docs kuwerenga, kutumiza ndi kufufuta maimelo awo, komanso kugwiritsa ntchito mndandanda wa anthu amene amalemberana nawo. Ambiri adadina Allow. Pulogalamuyo sidali ya Google. Wina adangoipanga ndi kuipatsa dzina limenelo, ndipo itangololedwa idayamba kudzitumiza yokha kwa anthu onse a pa mndandanda uja. Kampani ya Google idati idathana nayo mkati mwa ola limodzi, komanso kuti okhudzidwa sadafike pa munthu mmodzi mwa anthu 1,000 alionse ogwiritsa ntchito Gmail. Koma pa nthawiyo ogwiritsa ntchito Gmail anali opitirira biliyoni imodzi, choncho gulu la okhudzidwalo silidali laling'ono.

Chodabwitsa pa nkhaniyi n'chakuti palibe amene adaberedwa pasiwedi. Ngakhale amene adatchera akaunti zawo kuti zizifunsa nambala yachiwiri yobwera pafoni sadapulumuke, chifukwa wolowa mu akauntiyo anali mwini wake, ndipo wopereka chilolezo analinso iye yemweyo. Njira imene pulogalamu yachinyengoyo idadutsamo ndi yomweyo imene mapulogalamu abwino amadutsamo tsiku lililonse. Dzina lake ndi OAuth, ndipo malire a zimene pulogalamu yaloledwa kuchita amatchedwa masikopu. Aliyense amene adadinapo batani la Sign in with Google kapena Continue with Facebook adaigwiritsa kale ntchito, kaya akudziwa kapena ayi.

Vuto limene OAuth idabwera kudzathetsa

Kale, pulogalamu ikafuna kukuchitirani chinthu mu akaunti ina, inkangopempha pasiwedi yanu. Tsamba lofuna kukupezerani anzanu linkati mulipatse adiresi ya imelo ndi pasiwedi yake, kenako linkalowa ngati kuti ndi inuyo. Zovuta zake zinali zoonekeratu. Pulogalamu yofuna mndandanda wa anzanu wokha inkapeza mphamvu pa zonse. Kuti muichotse, munkayenera kusintha pasiwedi, ndipo mukatero mapulogalamu ena onse amene mudawapatsa pasiwedi yomweyo ankasiya kugwira ntchito. Kampani ya pulogalamuyo ikaberedwa, pasiwedi yanu inkapita limodzi ndi katundu wobedwayo.

Akatswiri ena, kuphatikizapo Blaine Cook amene ankagwira ntchito ku Twitter ndi Chris Messina, adayamba kukambirana za vutoli mu 2006. Ndondomeko yoyamba idatuluka mu Disembala 2007, ndipo imene makampani ambiri akugwiritsa ntchito lero, OAuth 2.0, idasindikizidwa mu Okutobala 2012 m'chikalata chotchedwa RFC 6749. Ganizo lake ndi losavuta. Mwini sitolo akalemba munthu wolongedza katundu, samupatsa mpukutu wonse wa makiyi. Amamudulira kiyi wa chipinda cha katundu basi, ndipo ntchito ikatha amamulanda kiyiyo popanda kusintha maloko a nyumba yonse. Kiyi wodulidwayo, pa makompyuta, amatchedwa tokeni. Sikopu ndi imene imanena zitseko zimene tokeniyo ingatsegule.

Zimene zimachitika mukadina Allow

Pa nkhani imeneyi pamakhala mbali zitatu: inuyo, kampani yosunga akaunti yanu, ndi pulogalamu yopempha. Tiyerekeze kuti akauntiyo ndi ya Google. Pulogalamu imayamba yalembetsa ku Google n'kulandira nambala yoizindikirira. Inu mukadina batani lolumikiza, imakutumizani ku tsamba la Google ndi pempho looneka motere:

```
https://accounts.google.com/o/oauth2/v2/auth
  ?client_id=...
  &redirect_uri=...
  &response_type=code
  &scope=https://www.googleapis.com/auth/gmail.send
  &access_type=offline
```

Mizere iwiri yomalizayo ndi imene ikukukhudzani. Mzere wa `scope` ukunena chimene pulogalamu ikufuna, chomwe pano ndi kutumiza maimelo m'dzina lanu. Mzere wa `access_type=offline` ukunena kuti ikufuna kupitiriza kuchita zimenezo ngakhale inu mulibe pa intaneti, foni yanu yazima kapena mwagona.

Google imamasulira pempholo m'mawu oti munthu awerenge n'kulionetsa pa sikirini. Pasiwedi, ngati ikufunika, mumailemba pa tsamba la Google, ndipo pulogalamuyo siiona. Mukavomera, Google imapatsa pulogalamuyo nambala yogwira ntchito kamodzi kokha, imene imakasinthanitsa ndi matokeni awiri. Yoyamba, `access_token`, ndi imene imaonetsa nthawi iliyonse ikafuna kuchita kanthu, ndipo ya Google imatha mphamvu pakapita ola limodzi. Yachiwiri, `refresh_token`, ndi yokatengera ina yatsopano yoyambayo ikatha. Iyi ndi imene imakhalitsa. Pulogalamu imene mudailola zaka zitatu zapitazo ikhoza kukhala ikutengabe tokeni yatsopano ola lililonse mpaka lero, popanda kukufunsaninso.

Pali chinanso choyenera kudziwa. Matokeni ambiri a OAuth amagwira ntchito kwa aliyense amene wawanyamula. Seva siyang'ana nkhope ya wobwera nayo. Imangoona ngati tokeniyo ndi yeniyeni ndiponso ngati sikopu yake ikulola chimene chikupemphedwa.

Kuwerenga sikopu

Ndondomeko ya OAuth sinena kuti masikopu akhale otani. Kampani iliyonse imadula yake ndi kuwapatsa mayina ake. Komabe ambiri amagwera m'magulu atatu, ndipo mukawadziwa maguluwo, sikirini yopempha chilolezo imasiya kukhala yosamvetseka.

Gulu loyamba ndi longokuzindikirani. Masikopu ake ndi `openid`, `email` ndi `profile`. Pulogalamu imalandira dzina lanu, adiresi ya imelo ndi chithunzi chanu, basi. Siingatsegule kalata ngakhale imodzi. Batani la Sign in with Google likagwiritsidwa ntchito moyenera limathera pamenepa, ndipo nthawi zambiri ndi njira yabwino kuposa kupeka pasiwedi yatsopano pa tsamba lililonse.

Gulu lachiwiri ndi lowerenga, ndipo lachitatu ndi losintha, kutumiza kapena kufufuta. Pa Gmail kusiyana kwake kumaoneka bwino. Sikopu ya `gmail.send` imaoneka pa sikirini ngati Send email on your behalf, ndipo pulogalamu yokhala nayo imatumiza koma siiwerenga zimene mwalandira. Ya `gmail.readonly` imawerenga makalata onse koma siisintha kanthu. Yaikulu kwambiri ndi `https://mail.google.com/`, imene mawu ake ndi Read, compose, send, and permanently delete all your email from Gmail. Pamenepo pulogalamu ikhoza kuchita pafupifupi chilichonse chimene inu mungachite ndi makalata anu, kuphatikizapo kuwafufutiratu osadutsa m'bokosi la zotayidwa.

Pa Google Drive pali masikopu awiri ofanana maonekedwe koma osiyana kutali. Ina imati See, edit, create, and delete all of your Google Drive files. Inayo imati See, edit, create, and delete only the specific Google Drive files you use with this app. Ziganizo ziwirizi zimayamba chimodzimodzi, ndipo munthu wofulumira amaziona ngati chinthu chimodzi. Yoyamba, `drive`, imatsegula mafayilo onse, ngakhale chithunzi cha chiphaso chanu chimene mudasunga kalekale. Yachiwiri, `drive.file`, imangokhudza mafayilo amene pulogalamuyo yapanga yokha kapena amene inu mwaisankhira. Choncho powerenga, yang'anani zinthu ziwiri: zochita zimene zatchulidwa, ndi mawu oti all kapena only.

Chitsanzo: msungichuma ndi malisiti

Tiyerekeze msungichuma wa bungwe laling'ono la alimi. Mwezi uliwonse amalemba mayina a mamembala ndi zopereka zawo mu Google Sheets, kenako amatumiza lisiti kwa aliyense pa imelo. Ntchitoyo ndi yotopetsa, ndiye wapeza mapulogalamu awiri amene amalonjeza kuichita okha.

Yoyamba ikupempha adiresi yake ya imelo, mafayilo okhawo amene aisankhire, ndi chilolezo chotumiza maimelo. Yachiwiri ikupempha mafayilo onse a mu Drive, Gmail yonse, ndi mndandanda wa anthu olemberana nawo. Zonse ziwiri zidzatumiza malisitiwo bwinobwino, moti kusiyana kwake sikudzaoneka pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kudzaoneka tsiku limene zinthu zidzalakwika.

Funso loyenera kudzifunsa si lakuti kodi kampaniyi ndi yokhulupirika, chifukwa zimenezo n'zovuta kuzidziwa uli kutali. Funso ndi lakuti, tokeni iyi itagwera m'manja mwa wakuba, angachite nayo chiyani? Ndi pulogalamu yoyamba, wakuba angaone tebulo la zopereka ndipo angatumize makalata abodza m'dzina la msungichuma, mwina ouza mamembala kuti atumize ndalama pa nambala ina. Limenelo ndi vuto lalikulu kale, koma lili ndi polekezera. Ndi yachiwiri, wakuba angawerenge makalata onse a ku banki, mapangano ndi ogula mbewu, ndi zikalata zonse za bungwe. Angapemphenso kuti pasiwedi ya akaunti ina isinthidwe, n'kuwerenga kalata yotsimikizira ikafika, n'kuifufuta msungichuma asanaione.

Pamenepa m'pamene anthu ambiri amanamizika. Sikopu yowerenga yokha imamveka yopepuka, popeza siisintha kanthu. Koma imelo ndi kumene akaunti zina zimatumiza manambala ndi maulalo osinthira pasiwedi. Wowerenga imelo yanu akhoza kulanda Facebook yanu ndi akaunti zina zolumikizidwa kumeneko. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Google imaikira `gmail.readonly` m'gulu lokhwimitsitsa, pamodzi ndi `drive`, pomwe `gmail.send` ili m'gulu lapakati ndipo `drive.file` ili m'gulu lopepuka.

Msungichumayo asankhe yoyamba. Ngati yachiwiri ndi yokhayo imene ilipo, ayang'ane ngati sikirini ili ndi timabokosi tochonga pa chilolezo chilichonse. Google imaonetsa timabokositi pa mapempho ambiri, ndipo munthu akhoza kuvomera zina n'kukana zina. Pulogalamu yolembedwa bwino imapitiriza kugwira ntchito ndi zimene yapatsidwa, n'kudzapempha zina pa nthawi imene zikufunikadi. Ikakana kuyamba ntchito yotumiza malisiti mpaka italandira makalata onse, ndiye kuti ikupempha zoposa ntchito yake. Njira ina yabwino ndi kutsegula akaunti yapadera ya malisiti, yopanda makalata ena, n'kulumikiza pulogalamuyo kumeneko.

Zimene sikopu siingakuchitireni

Sikopu imachepetsa zitseko, koma ili ndi malire ake. Choyamba, masikopu ambiri ndi otambalala. Pa Gmail palibe sikopu yonena kuti pulogalamu iwerenge makalata a ku banki okha kapena a mwezi uno okha. Pulogalamu yolemba maulendo a pandege kuchokera m'makalata anu imalonjeza kuyang'ana matikiti okha, koma tokeni yake imatsegula bokosi lonse, ndipo chimene chikuiletsa kuwerenga enawo ndi lonjezo lake basi.

Chachiwiri, sikopu siitsata zinthu zikatuluka. Pulogalamu ikakopera mndandanda wa anzanu n'kuusunga pa seva yake, Google kapena Facebook alibenso dzanja pa zimenezo. Nkhani ya Cambridge Analytica, imene idaphulika mu 2018, idayambira apa. Pulogalamu ya mafunso yotchedwa This Is Your Digital Life idaloledwa ndi anthu pafupifupi 270,000, koma malamulo a Facebook a nthawi imeneyo ankailola kutenganso zinthu za anzawo a anthuwo. Facebook idati zinthu za anthu ofika 87 miliyoni zikhoza kukhala kuti zidatengedwa. Ambiri mwa iwo sadadinepo batani lililonse.

Chachitatu, dzina ndi chizindikiro zimene mumaona pa sikirini zimasankhidwa ndi wopanga pulogalamu. Chinyengo cha 2017 chidadalira zimenezi. Pambuyo pake Google idayamba kuonetsa chenjezo pa mapulogalamu osaunikidwa opempha masikopu akuluakulu, ndipo chenjezolo lero limati Google hasn't verified this app. Mu 2018 idalengezanso kuti mapulogalamu ofuna kuwerenga Gmail aziunikidwa mozama. Mukaona chenjezolo pa pulogalamu imene simudziwa mwini wake, bwererani. Koma kusaoneka kwa chenjezo sikutanthauza kuti muvomere chilichonse. Kuunikidwa kumachepetsa achinyengo, sikuchepetsa kukula kwa zimene mwapereka.

Chomaliza, kampani yachilungamo nayonso imaberedwa. Mu Epulo 2022, GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amasungako ntchito yawo, lidalengeza kuti wina adaba matokeni amene adaperekedwa ku makampani awiri odziwika, Heroku ndi Travis CI, n'kuwagwiritsa ntchito kukopera nkhokwe zachinsinsi za mabungwe ambiri. Eni akauntizo sadalakwitse kanthu pa tsikulo. Zilolezo zawo zinali zakale, zoperekedwa kwa makampani enieni. Choncho chilolezo chilichonse chimene chikadali chamoyo chimakumangirirani ku chitetezo cha kampani ina, ngakhale mudasiya kalekale kugwiritsa ntchito pulogalamu yake.

Zimene anthu amaganiza kuti zimachotsa chilolezo

Ambiri amakhulupirira kuti akachotsa pulogalamu mu foni ndiye kuti nkhani yatha. Si choncho. Pulogalamu zambiri zimasunga tokeni pa seva ya kampani, osati mu foni yanu, ndipo sevayo siidziwa n'komwe kuti mwafufuta kanthu. Zilolezo zimene foni ya Android imakufunsani, monga za kamera, malo amene muli kapena mauthenga, ndi nkhani ina. Zimenezo zimakhudza chipangizo chimene chili m'manja mwanu, ndipo zimapita limodzi ndi pulogalamuyo. Zilolezo za OAuth zimakhudza akaunti, ndipo zimatsala.

Ena amadalira kusintha pasiwedi. Pa Google, kusintha pasiwedi kumapha matokeni okhala ndi masikopu a Gmail, koma simungadalire kuti kwaphanso a Drive, a kalendala kapena a mndandanda wa anzanu. Makampani ena ali ndi malamulo awoawo. Palinso malamulo a nthawi: tokeni yokhalitsa ya Google imafa ikakhala miyezi 6 osagwiritsidwa ntchito, ndipo Facebook imaimitsa zilolezo zambiri za pulogalamu imene simunaigwiritse ntchito kwa masiku 90. Koma onani kuti lamulo la Google likunena za tokeni, osati za inu. Pulogalamu imene imadzilowera yokha sabata iliyonse siifika pa miyezi 6 imeneyo. Njira yotsimikizika ndi imodzi, kupita pa mndandanda wa zilolezo n'kuchotsa nokha.

Kuunika mndandanda wa Google

Tsegulani `myaccount.google.com/connections` pa foni kapena pa kompyuta. Mungafikekonso kudzera pa Manage your Google Account, kenako Security, n'kutsika mpaka pa gawo la mapulogalamu ndi mautumiki olumikizidwa. Mayina a mabatani amasintha nthawi ndi nthawi, koma mndandandawo umakhalapo. Ngati muli ndi akaunti zingapo, onani chithunzi cha pakona kuti mudziwe imene mwatsegula, chifukwa akaunti iliyonse ili ndi mndandanda wake.

Mndandandawo umasakaniza zinthu zosiyana, ndipo n'kofunika kuzilekanitsa. Mapulogalamu amene mumangolowera ndi Sign in with Google ali ndi dzina lanu, adiresi ndi chithunzi chanu basi. Amene alembedwa kuti ali ndi mwayi wolowa mu akaunti yanu ndi amene ali ndi masikopu a gulu lachiwiri ndi lachitatu. Yambani ndi amenewa, makamaka okhudza Gmail ndi Drive. Tsambalo limalola kusefa mndandanda motengera zimene pulogalamu ikufikira, zomwe zimafulumizitsa ntchito.

Dinani pa dzina lililonse, kenako See details. Mudzaona zimene pulogalamuyo idaloledwa ndi tsiku limene mudaipatsa chilolezo. Apa dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndikuidziwa? Kodi ndaigwiritsa ntchito m'miyezi yaposachedwapa? Kodi zimene ili nazo zikugwirizana ndi ntchito imene imandichitira? Yankho likakhala lakuti ayi pa funso limodzi lokha, dinani Remove access. Musachite mantha kuti muononga kanthu, chifukwa pulogalamu imene mukuifunadi idzangokupemphaninso chilolezo tsiku limene mudzaitsegule, ndipo pamenepo mudzawerenga pempholo ndi maso atsopano.

Tsiku la chilolezo limathandiza kwambiri pa dzina limene simukulikumbukira. Ngati likugwirizana ndi nthawi imene mudagula foni yatsopano, mwina ndi pulogalamu ya imelo kapena ya kalendala ya kampani yopanga foniyo. Ngati ndi WhatsApp imene ili ndi chilolezo pa Drive, n'kutheka kuti ndi chosungira macheza anu, ndipo mukachichotsa kusungako kudzaima mpaka mutalolanso. Koma ngati tsikulo likugwirizana ndi nthawi imene foni idali kwa wokonza, kapena pamene mudabwereka munthu wina, chotsani msanga ndipo musinthenso pasiwedi.

Pa gulu la Sign in with Google pafunika kusamala mwa mtundu wina. Ngati tsamba lina mumalowako ndi batani limeneli lokha ndipo mulibe pasiwedi ya kumeneko, kudula ulalowo kungakuvutitseni pobwerera. Yambani mwalowa pa tsambalo n'kuika pasiwedi yakeyake, kapena kutseka akaunti ya kumeneko ngati simukuifunanso. Kudula ulalo ku Google sikutseka akaunti ya ku tsamba linalo.

Akaunti zina

Pa Facebook, pitani pa Settings & privacy, kenako Settings, n'kufufuza Apps and websites. Masewera ndi timafunso tambiri timene anthu adadina zaka zapitazo timapezeka kumeneko. Pa X, njira yake ndi Security and account access, kenako Apps and sessions, kenako Connected apps, ndipo muyang'anitsitse mapulogalamu ololedwa kulemba, chifukwa amenewo ndi amene amatulutsa mauthenga otsatsa malonda m'dzina la munthu. Pa akaunti ya Microsoft yaumwini, mndandanda uli pa `account.live.com/consent/Manage`. Masikopu a Microsoft amalembedwa monga `Mail.Read` ndi `Mail.Send`, ndipo `offline_access` ndi imene imapereka tokeni yokhalitsa ija.

Akaunti ya kuntchito kapena ya kusukulu ndi yosiyana pang'ono, chifukwa chilolezo cha munthu mmodzi chingatsegule mafayilo a ofesi amene iye adagawiridwa. Woyang'anira makompyuta a bungwe ali ndi mphamvu yoona mapulogalamu amene antchito alola, ndi yoletsa amene sanavomerezedwe. Mukapeza chinthu chokayikitsa pa akaunti yotere, mudziwitseni musanachichotse kapena mutangochichotsa, kuti aone ngati anzanu ena adachilolanso.

Mukachotsa pulogalamu yokayikitsa

Kuchotsa chilolezo kumatseka khomo, koma sikubweza zimene zidatuluka kale, ndiponso sikukonza zimene zidasinthidwa mkati. Ngati pulogalamuyo inali ndi mphamvu pa Gmail, tsegulani zoikamo za Gmail pa kompyuta n'kuyang'ana malo awiri. Pa Filters and Blocked Addresses, onani ngati pali lamulo limene simudaike nokha, makamaka lofufuta kapena lobisa makalata a ku banki. Pa Forwarding and POP/IMAP, onani ngati makalata anu sakutumizidwa ku adiresi yachilendo. Malamulo oterewa amapitiriza kugwira ntchito tokeni itafa kale. Kenako yang'anani bokosi la makalata otumizidwa, ndipo ngati muli makalata amene simudalembe, chenjezani amene adawalandira. Ngati inali ndi mphamvu pa Drive, onani mafayilo ofunika ngati sadagawidwe kwa anthu osawadziwa. Pomaliza sinthani mapasiwedi a akaunti zimene zimatumiza makalata osinthira pasiwedi ku imelo imeneyo, kuyambira ndi zokhudza ndalama.

Zimene kampani ya pulogalamuyo idakopera kale muyenera kuzipempha kwa iyo kuti izifufute. Kampani yolongosoka imakhala ndi batani lotsekera akaunti kapena adiresi yolemberako pempho lotere. Yachinyengo siidzakuyankhani, ndipo n'chifukwa chake nthawi yabwino yoganiza ndi pamene sikirini yopempha ikadali pamaso panu. Pa mphindi imeneyo onani kuti adiresi ya pamwamba ndi `accounts.google.com` kapena ya kampani yeniyeni imene mukuidziwa. Kumbukirani ngati ndinu amene mudayambitsa ntchitoyo kapena mwangofikapo potsata ulalo wa mu imelo kapena pa WhatsApp. Kuti mungowerenga chikalata chimene mnzanu wakugawirani pa Google Docs sipafunika chilolezo chilichonse cha pa Gmail yanu, ndipo pempho lotero likabwera, yankho lake ndi Cancel.

Mndandanda wa zilolezo umakula mwakachetechete, chifukwa kulola kumatenga masekondi ochepa pomwe kuchotsa palibe amene amakukumbutsani. Ndi bwino kuuunika kawiri pachaka, komanso nthawi iliyonse imene mwasintha foni, mwasiya ntchito pamalo ena, kapena mwamva kuti kampani ya pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito yaberedwa kapena yagulidwa ndi ina. Ulendo woyamba ndi umene umatenga nthawi, popeza mumakhala mukuchotsa za zaka zambiri. Yambani ndi akaunti ya imelo imene akaunti zanu zina zonse zimadalira, ndipo pa mndandanda wake yambani ndi mapulogalamu amene angawerenge makalata.